Magazi athu ndi amodzi, nanga andikaniranji kupereka mafuta a m'mafupa kwa mchimwene wanga?

"Adokotala, mchimwene wanga wa zaka 27 ali ndi khansa ya m'magazi ndipo akuti afunika kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Tinayezedwa abale ake atatu. Ine gulu langa la magazi ndi O ngati iyeyo, koma akuti tikungofanana theka. Asankha mchimwene wathu wotsiriza kubadwa, wa zaka 21, amene gulu lake ndi A. Kenako akuti ngakhale zili choncho angadwale matenda otchedwa GVHD. Kodi sanalakwitse? Ndipo GVHD ndi chiyani?"

Achemwali, mtima pansi, sanalakwitse. Ndipotu banja lanu lachita mwayi, chifukwa ambiri mwa odwala amene ndawaona sapeza m'bale wofanana nawo kwathunthu. Chimene chakusokonezani chimasokoneza pafupifupi banja lililonse pa tsiku lolandira zotsatira: tonse tinazolowera kuti pa nkhani ya magazi chofunika ndi gulu. Pothira munthu magazi, inde. Pomuika mafuta a m'mafupa timayang'ana china.

Tiyambe ndi chimene chikusamutsidwa. M'kati mwa mafupa akuluakulu muli maselo amene ndi makolo a magazi onse. Amabala maselo ofiira onyamula mpweya, timaselo toundanitsa magazi munthu akavulala, ndi maselo oyera, aja timawatcha asilikali a m'thupi. Mchimwene wanu akadzalandira maselo a mng'ono wake, adzalandira gwero latsopano la magazi limodzi ndi gulu lonse la asilikali la munthu wina. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zikhala zosavuta kumva.

Asilikali a m'thupi amazindikira mwini nyumba poona zizindikiro zimene zili pamwamba pa maselo. Pa pepala la zotsatira mudzaziona zitalembedwa kuti HLA. Zofunika kwambiri ndi zisanu: HLA-A, HLA-B, HLA-C, HLA-DRB1 ndi HLA-DQB1. Chilichonse munthu amakhala nacho pawiri, china chochokera kwa bambo, china kwa mayi, n'chifukwa chake amawerengera pa 10. Mng'ono wakeyo ayenera kuti analembedwa 10/10, inu 5/10. Zipatala zina siziwerengera HLA-DQB1, ndiye zimalemba 8/8, koma nkhani ndi yomweyo.

Zizindikirozi sitizitenga chimodzichimodzi kwa makolo. Majini ake, kapena kuti malangizo a chibadwa amene timatengera kwa makolo, anakhala moyandikana pa kolomozomu nambala 6, kamodzi mwa timizere tonyamula majini m'selo, choncho amayenda pamodzi ngati mtolo womanga. Tinene kuti bambo anu ali ndi mitolo iwiri, 1 ndi 2, ndipo mayi anu ali ndi 3 ndi 4. Mwana aliyense amatenga mtolo umodzi kwa bambo ndi umodzi kwa mayi, ndiye njira ndi zinayi zokha: 1 ndi 3, 1 ndi 4, 2 ndi 3, kapena 2 ndi 4. Ngati wodwalayo anatenga 1 ndi 3, wotsiriza uja anatenganso 1 ndi 3. Inu munatenga mwina 1 ndi 4, kutanthauza kuti mtolo wa bambo mukufanana koma wa mayi munasiyana. Ngati mchemwali kapena mchimwene wachitatu uja anauzidwa kuti sakufanana n'komwe, ndiye anatenga 2 ndi 4, ndipo zimenezo sizipereka chikaiko chilichonse pa ubale wake. Ndimanena izi dala chifukwa ndinaonapo banja likuyang'anizana ndi diso lachilendo atamva mawu akuti "sakufanana". Mwa ana a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi, mwayi wofanana kwathunthu ndi umodzi pa inayi, wofanana theka ndi iwiri pa inayi, wosafanana konse ndi umodzi pa inayi. Wodwala amene ali ndi abale atatu otere amakhala ndi mwayi wa pafupifupi 58 pa 100 woti mmodzi mwa iwo afanane naye, ndipo inu mwagwera mbali yabwino ya chiwerengerocho.

Gulu la magazi lili kwina, pa kolomozomu nambala 9, ndipo limayenda palokha. Kusiyana kwa O ndi A kuli ndi ntchito yake, koma ndi yotheka. Popeza thupi la munthu wa O limalimbana ndi maselo ofiira a A, ngati atenga mafuta enieni a m'mafupa amayamba achotsamo maselo ofiira asanamuike, ndipo nthawi zina maselo ofiira atsopano amachedwa kuyamba kupangidwa moti wodwala amafuna kuthiridwa magazi kwa nthawi yotalikirapo. Pakapita miyezi, mchimwene wanu sadzakhalanso O. Adzakhala A, monga mng'ono wake.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachite. Popeza ndinu a gulu limodzi, mtima ungakuuzeni kuti mumpatseko magazi panopa pamene akuchepa. Musatero, ndipo abale ena asaterenso. Thupi lake likakumana ndi magazi a m'banja nthawi isanakwane, limatha kuphunzira kudana ndi zizindikiro za m'banjamo, n'kudzakana maselo amene tikufuna alandire. Ngati mukufuna kupereka magazi, perekani kuti athandize odwala ena.

Musaganizenso kuti 5/10 yanuyo yatayidwa. Kale wofanana theka sitinkamuwerengera, koma madokotala a pa yunivesite ya Johns Hopkins anapeza njira imene inasintha zinthu: wodwala amapatsidwa mankhwala a saikolofosifamaidi pa tsiku lachitatu ndi lachinayi atalandira maselo. Pa masiku amenewo asilikali achilendo olusa kwambiri amakhala akuchulukana mofulumira, ndipo mankhwalawo amapha amenewo n'kusiya maselo obala magazi. Lero makolo, ana ndi abale ofanana theka amapereka kawirikawiri. Zimenezi zathandiza makamaka anthu a makolo a ku Afirika, amene mitundu yawo ya HLA ndi yambiri kwambiri pamene olembetsa m'kaundula wa opereka wa padziko lonse ndi ochepa, moti kupeza mlendo wofanana nawo n'kovuta. Choncho mng'ono wakeyo akapezeka ndi vuto pomuyeza, madokotala angatembenukire kwa inu. Koma pamene 10/10 ilipo m'nyumba, ndi munthu wamwamuna wachinyamata, inenso ndikanasankha yemweyo. Opereka achinyamata amabweretsa zotsatira zabwinopo. Ndipo maselo a mkazi akaikidwa mwa mwamuna, makamaka mkazi amene anakhalapo ndi pakati, ngozi ya GVHD yokhalitsa imakwera, chifukwa asilikali ake amaona zizindikiro za chimuna ngati zachilendo.

Za woperekayo ndinene mwachidule, chifukwa mantha ambiri ndi opanda maziko. Sakhudza mtsempha wa msana. Njira yofala ndi yomubaya jakisoni wa G-CSF kwa masiku anayi kapena asanu kuti maselo obala magazi atuluke m'mafupa n'kulowa m'mitsempha, kenako amakhala pa makina maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, magazi akutuluka, makina akusefa maselowo, otsalawo akubwerera. Adzamva kuphwanya m'mafupa ndi mutu masiku a jakisoniyo. Njira ina ndi yomugoneka ndi mankhwala n'kukoka mafuta ndi singano kufupa la kumbuyo kwa chiuno, pafupifupi lita imodzi kwa munthu wamkulu. Pamapweteka kwa masiku angapo ndipo thupi limabwezeretsa m'milungu yochepa. Afunseni madokotala chifukwa chimene asankhira njira imene asankheyo, popeza maselo a m'mitsempha amagwira msanga koma amabwera ndi asilikali ambiri, ndipo GVHD yokhalitsa imachulukirapo.

Mchimwene wanu adzayamba walandira kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, kwa pafupifupi mlungu umodzi, nthawi zina limodzi ndi kuwotcha ndi cheza, kuti khansa yotsala iphedwe ndi chitetezo chake chifooke. Tsiku lolandira maselo timalitcha tsiku 0. Mabanja ambiri amakhumudwa nalo chifukwa amayembekezera opaleshoni, koma ndi kathumba kopachika ngati diripi basi. Maselowo amapeza okha njira yolowera m'mafupa. Kenako pamabwera milungu iwiri mpaka inayi imene munthu alibiretu chitetezo, mpaka maselo oyera atsopano ayambe kuoneka m'magazi. Tsiku limenelo timasangalala, komanso ndi pamene timayamba kutsegula maso chifukwa cha GVHD.

Munthu akaikidwa impso, mantha amakhala oti thupi likana impsoyo. Apa zinthu zimatembenuka. Mlendo ndiye wabwera ndi asilikali, mwini nyumba alibe. Asilikali a mng'ono wake, makamaka otchedwa maselo a T, akayendayenda m'thupi n'kuona khungu, matumbo ndi chiwindi kuti si zakwawo, amaziukira. GVHD ndi imeneyo: zoikidwazo kulimbana ndi woikidwayo.

Nanga 10/10 ija yathandiza chiyani? Yachepetsa ngoziyo kwambiri, koma sinaichotse. HLA ili ngati mbale imene selo limaonetserapo tizidutswa ta zomanga thupi za m'kati mwake kuti asilikali aziona. Abale awiriwa mbale zawo ndi zofanana, koma zoikidwa pa mbalezo zimasiyana pang'ono, pakuti m'majini ena onse amangofanana pafupifupi theka monga abale ena alionse. Timasiyanidwe timeneti sitiyezedwa posankha wopereka. Ngakhale pakati pa abale ofanana kwathunthu, ndipo mankhwala oteteza akuperekedwa, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amadwala GVHD yoyambirira yofuna chithandizo. Okhawo amene ili pafupifupi kulibe ndi mapasa ofanana ndendende.

Pa mapasawo pali phunziro limene limadabwitsa aliyense akalimva koyamba. Odwala khansa ya m'magazi amene analandira maselo kwa mapasa anzawo ofanana ndendende, khansa yawo imabwerera kawirikawiri kuposa amene analandira kwa m'bale wamba. Chifukwa chake n'chakuti asilikali achilendo amene amavutitsa khungu ndi omwewonso amene amasaka maselo a khansa opulumuka ku kemo. Ukachotseratu maselo a T m'kathumba kaja, GVHD imachepa, koma khansa imabwerera mosavuta. Ndiye ntchito yathu ndi yowagwira asilikaliwo pa chingwe, osawamasula kwambiri, osawamanga kwambiri. Sindikunena kuti muzifunira mchimwene wanu GVHD, iyayi, yoopsa imapha. Ndikungoti mukadzamva kuti yaoneka pang'ono pakhungu, musadzaone ngati zonse zalephereka.

Chingwecho ndi mankhwala. Ambiri amapatsidwa saikolosiporini kapena takirolimasi kuyambira cha pa tsiku 0, pamodzi ndi methotirekiseti pang'onopang'ono pa tsiku 1, 3, 6 ndi 11, ndipo zipatala zina tsopano zimagwiritsa ntchito saikolofosifamaidi uja ngakhale pa ofanana kwathunthu. Saikolosiporini ndi takirolimasi amayezedwa m'magazi pafupipafupi chifukwa akachepa GVHD imadzuka, akachuluka impso zimavulala. Pa tsiku loyeza, mankhwala a m'mawa amwedwe magazi atatengedwa kale, apo ayi zotsatira zimanama. Zikayenda bwino amayamba kuchepetsedwa pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo, n'kusiyidwa cha pa miyezi isanu ndi umodzi kapena mtsogolo mwake. Wochepetsa ndi dokotala yekha, ndipo mankhwala ena alionse, ngakhale azitsamba, asamwedwe asanafunse chifukwa ambiri amasokoneza mlingo wa amenewa.

GVHD yoyambirira imakonda kubwera m'masiku 100 oyamba. Ndikufotokozereni mmene inayendera kwa mnyamata wina amene ndinamusamalira, amenenso analandira kwa m'bale wake 10/10, chifukwa mmene inayambira ndi mmene imayambira mwa ambiri. Maselo ake anagwira pa tsiku 16 ndipo anatuluka m'chipatala patangopita masiku ochepa. Cha pa tsiku 27 anayamba kumva zikhatho ndi pansi pa mapazi kutentha ngati wagwira tsabola, kumbuyo kwa makutu ndi pakhosi kukuyabwa. Mabuku amati khungu limafiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Iye panangoda kuposa pena ponse, ndi timatuza tating'ono tomveka ukasisita ndi dzanja. Mkazi wake ndiye anaona, n'kutijambulira chithunzi tsiku lomwelo. Tinayeza kukula kwa malo ogwidwawo: osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi, umene ndi mlingo woyamba, ndiye tinangompatsa mankhwala opaka a siteroidi.

Patapita masiku asanu anayamba kutsekula m'mimba, madzi okhaokha obiriwira, ndi kupotokola. Apa ndi pamene mabanja ambiri amachedwera, poganiza kuti wadya china chake. Tinamugoneka n'kuyamba kuyeza chimbudzi chake m'chigubu, chifukwa mlingo wa GVHD ya m'matumbo timauona pa kuchuluka kwake: kupitirira theka la lita pa tsiku ndi mlingo woyamba, kupitirira lita ndi theka ndi wachitatu, ndipo magazi kapena kupweteka koopsa ndi chizindikiro cha wachinayi. Iye anafika pa mamililita 900. Sitinangothamangira kunena kuti ndi GVHD. Kachilombo ka CMV, kamene kamagona mwa anthu ambiri osawavutitsa n'kudzuka chitetezo chikafooka, kamatsekulitsa m'mimba mofananamo, ndipo mabakiteriya ena obwera chifukwa cha maantibayotiki amateronso. Kusiyanitsa n'kofunika chifukwa mankhwala a GVHD amafooketsa chitetezo, ndiye ngati vuto ndi kachilombo, tikhala tikukathandiza. Tinayeza magazi ndi chimbudzi, tinalowetsa kamera m'matumbo n'kutapa kanyama kokayeza, ndipo tinayamba siteroidi ya m'mitsempha, mamiligalamu 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Pofika tsiku lachinayi kutsekula kunachepa ndi theka, ndipo tinatha milungu yambiri tikuchepetsa mankhwalawo pang'onopang'ono. Iye anali mwa amene siteroidi imawagwira. Pafupifupi theka la odwala siiwagwira mokwanira, ndipo timapita ku mankhwala ena monga rukisolitinibu. Amene timavutika nawo kwambiri ndi ofika matumbo atawonongeka kale.

Chiwindi chikagwidwa, maso amachita chikasu ndipo mkodzo umada, koma nthawi zambiri zotsatira za magazi zimaonetsa vutolo munthu asanaone kanthu. Ichi ndi chifukwa chimodzi chosaphonyera tsiku la sikelo ya magazi ngakhale akumva bwino. Palinso mtundu wobisika wa kumtunda kwa mimba: nseru yosatha, kusafuna chakudya, kuwonda. Nawonso muunene.

GVHD yokhalitsa ndi ina, ndipo ndi imene ndimafuna osamalira odwala aidziwe bwino chifukwa imabwera aliyense atapuma, miyezi itapita, kawirikawiri pa nthawi imene mankhwala oteteza akuchepetsedwa. Imagwira odwala atatu mpaka asanu mwa khumi, ambiri mosaopsa. Imalowa mwakachetechete. Maso amauma ngati muli mchenga. M'kamwa mumauma, mumatuluka mizere yoyera m'masaya, chakudya chowawa kapena mankhwala otsukira mano amayamba kuwotcha. Khungu limasintha mtundu mwa mawangamawanga kapena kuuma n'kulimba moti sulitsinika, mfundo zimakanika kuwongoka. Kumaliseche kumatha kuuma, kuchita zilonda kapena kuthina, mwa amuna ndi akazi omwe, ndipo odwala ambiri amabisa chifukwa cha manyazi mpaka patachita zipsera. Choopsa kwambiri ndi mapapo. Tinjira ta mpweya timaning'a pang'onopang'ono, ndipo zimene zawonongeka sizibwerera kawirikawiri. Munthu amangoona kuti akubanika pokwera masitepe amene mwezi watha amakwera bwinobwino, kapena ali ndi chifuwa chouma chosatha. N'chifukwa chake timawapumitsa m'makina oyeza mapapo miyezi ingapo iliyonse ngakhale asakudandaula. Kunyumba, kamodzi pa mlungu, aphatikize zikhatho ngati akupemphera n'kukweza zigongono. Akaona kuti zikhatho zayamba kukana kugwirana monga kale, akanene. Apewenso kupsa ndi dzuwa, chifukwa kumadzutsa GVHD ya pakhungu ngakhale mwa anthu akuda.

Poti mwina ndinu amene mudzakhale naye pafupi, sungani nambala ya wodi yake yoimbira usiku ndi usana, ndipo dziwani zimene siziyembekezera kucha. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akamanjenjemera ndi kuzizidwa ngakhale thupi lisanatenthe, apite kuchipatala nthawi yomweyo, asanamwe mankhwala otsitsa kutentha. Amene ali pa siteroidi amatha kudwala kwambiri thupi osatentha, choncho kufooka kwadzidzidzi kapena kusokonezeka mutu n'kokwanira. Kutsekula kwa madzi kangapo pa tsiku, magazi m'chimbudzi, kusanza mpaka mankhwala osakhazikika, chikasu, kubanika, khungu kutuluka matuza kapena kusupuka, zonsezi ndi za tsiku lomwelo. Totupa tatsopano kulikonse, ngakhale tochepa, jambulani n'kuimba tsiku lomwelo. Kuuma kwa maso, m'kamwa ndi kulimba kwa khungu kungadikire masiku ochepa, koma kusafike mwezi.

Musanafike tsiku 0, khalani pansi ndi madokotala ake muwafunse kuti maselo adzatengedwa m'mitsempha kapena m'chiuno, adzagwiritsa ntchito mankhwala ati oteteza GVHD, zotsatira za CMV za awiriwa zili bwanji, ndipo ngati mng'ono wakeyo sangathe, wotsatira ndani. Mufunsenso za kusunga umuna kemo yomalizayo isanayambe, chifukwa nthawi zambiri imawononga mphamvu yobereka ndipo pambuyo pake mpata umakhala utatha.

Komanso mumuyang'anire wotsiriza uja. Ndinaonapo opereka akudziimba mlandu m'bale wawo akadwala GVHD, akumati magazi anga ndi amene akumupweteka. Muuzeni maselo asanatengedwe n'komwe kuti palibe chimene iye angadye, kumwa kapena kuchita chimene chingayambitse kapena kuletsa matendawa, ndipo ngati ali ndi mantha kapena mafunso amene sangawanene pamaso pa banja, ali ndi ufulu woonana ndi dokotala payekha, amene si yemwe akusamalira mkulu wakeyo.